Chokoma N'chogawana

Pa saluni onse ankamutchula kuti Zala, chifukwa akagwira mutu wa munthu zala zake sizinkaoneka. Kuluka ankakudziwa. Zolemba pa foni ndiye sanali katswiri, koma poti pa antchito onse iye yekha ndi amene sankachita nazo mantha, Abwana, eni ake a saluniyo, anamusenzetsanso tsamba la saluni la pa intaneti.

Malonda anali atazizira. Madraya awiri anangokhala kukamwa yasaa pakona, ndipo atsikana ankalukana okhaokha kuti tulo tisawagwire. Apa m'pamene Abwana anakumbukira dongosolo lawo lakale lomwe anthu ochepa okha ankalidziwa. Kasitomala wakale akabweretsa mnzake amene sanapondepo pa saluniyo, mlendoyo amatchula pa kauntala dzina la amene wamutumiza. Akalukitsa n'kulipira, iye amamutsitsirako mtengo, ndipo womubweretsayo amadzachapidwa tsitsi ndi kuumitsidwa ulere.

"Anthu sakudziwa n'chifukwa chake," anatero Abwana. "Peza chithunzi chabwino, ulembe timawu pansi pake. Osati ndakatulo ayi. Timawu toti munthu akawerenga adzuke akatenge mnzake."

Chithunzi sanavutike nacho. M'foni mwake munali china chomwe anachijambula kalekale: Aphunzitsi ndi mnzawo Nesi atakhala moyandikana kutsogolo kwa galasi, mitu yangotha kulukidwa, masaya atagundana, akuseka mpaka mano onse pamtunda. Linali tsiku lomwe Aphunzitsi anamubweretsa Nesiyo koyamba. Zala atapempha kuti adzachiike pa tsamba, onse awiri anavomera, Aphunzitsi mpaka anati, "Ukaike, mwina tingatchuke."

Aphunzitsi sanali kasitomala wamba kwa Zala. Ndiwo anamupeza akuluka ana pakhonde la kwawo, n'kumugwira dzanja kupita naye kwa Abwana kukamupemphera ntchito. Kuyambira pamenepo mutu wawo sunkagwidwa ndi munthu wina. Akapeza Zala ali ndi kasitomala, ankakhala pa benchi n'kumachonga makope a ana mpaka amalize. Zala ankawatchula kuti achemwali, ndipo ankawakonda kuposa abale ake ena a magazi.

Timawuto tinamudyera nthawi. Analemba kuti "Bweretsani kasitomala," anafufuta, poti zinkamveka ngati akutuma anthu ntchito. Analemba kuti "Mphoto ikukudikirani," anafufutanso, zinkamveka ngati za akuba a pa foni aja. Kenako mawu anangobwera okha, ndipo anamwetulira yekha:

"Chokoma n'chogawana! Aphunzitsi anabweretsa mnzawo, taonani mmene zikuwakomera onse awiri. Nanunso bweretsani mnzanu watsopano: iye timutsitsira mtengo, inu tikuchapani tsitsi ulere."

Abwana anawerenga, n'kumumenya paphewa. "Mutu uli nawo iwe." Analipira kuti uthengawo ufikire anthu ambiri a m'dera lonselo, osati otsatira tsamba okha, ndipo Zala anabwerera ku mutu womwe ankaluka mtima uli mbee.

Saluni ndi kumene nkhani za anthu zimafikira zisanafike kwa eni ake. Ya woyembekezera, ya wothawa lendi, ya wogwidwa, zonse zimatsikira pansi pa draya. Koma iyi yokha inamulambalala Zala. Makasitomala ankaidziwa, atsikana anzake ena anaimvapo, koma aliyense ankati akamuona n'kutsitsa mawu, podziwa mmene ankawakondera Aphunzitsi. Ulemu wina ndi wopweteketsa ndithu. Akanangomuuza!

Foni inayamba kunjenjemera m'thumba la epuloni ali pakati poluka. Inanjenjemera, inanjenjemeranso, osapuma. Atamaliza mzere anaitulutsa akuganiza kuti malonda ayamba. Ndemanga zinali mbwee, ndipo pafupifupi zonse zinali nkhope zoseka mpaka misozi.

"Kugawana kwake kumeneku ndiye kwafika patali."

"Anabweretsa mnzawo, pano ndi mkazi mnzawo."

"Ine wanga sindibweretsa, tsitsi ndichapa ndekha kunyumba."

"Nanga mphoto ya bambo aja ndi chiyani, nawonso muwachapa?"

Zala anawerenga osamvetsa. Anayang'ana mnzake wopaka zikhadabo, yemwe anali atawerama ngati wataya singano.

"Iwe, anthuwa akunena chiyani?"

Mnzakeyo anadzutsa mutu. "Ndimayesa ukudziwa. Amuna awo a Aphunzitsi anasamukira kwa Nesi. Akuti ndi mkazi wachiwiri, ndipo ali ndi pakati."

"Ndiye unaona ndikusankha chithunzi chija iwe uli chete?"

"Sindinaone kuti ndi chimenecho, mayi anga. Ndinaona chitatuluka kale."

Zala anawerenganso timawu take tija, ndipo liwu lililonse linali litatembenuka. Chokoma. Kugawana. Mnzawo. Onse awiri. Munthu wofuna kutukwana Aphunzitsi mwadala sakanatha kusanja bwino chonchi. Anathamangira kukachipinda ka kumbuyo komwe Abwana ankasungira mankhwala a tsitsi ndi matawulo.

"Abwana, tichotse chithunzi chija. Chonde, pompano."

Abwana anali ataziona kale ndemangazo. Nkhope yawo inali yachisoni, koma chisoni chake chosafika m'maso. "Zandikhudza, mwana wanga. Koma ukachotsa upindula chiyani? Anthu ajambula kale m'mafoni mwawo, chikuzungulira m'magulu. Madzi akatayika saoleka."

"Tisinthe mawu okha basi."

"Ukasintha ndiye anthu anena kuti tavomera kuti tinkawanena. Komanso ndalipira kale. Anavomera okha kuti tiwajambule, si choncho?"

"Anavomera asanadziwe."

"Ifenso tinalemba tisanadziwe. Chisiye, mawa anthu apeza china choseka." Kenako anatambasula dzanja. "Ndipo tsambalo ndiliyendetsa ndekha kaye, iwe mtima uli m'mwamba."

Anasintha mawu achinsinsi olowera pa tsambalo iye ali chiimire pomwepo. Zala anatuluka manja ali lende. Anaimbira Aphunzitsi, foni inaitana mpaka kudula yokha. Analemba uthenga wopepesa, anafufuta, analembanso. Munthu amene timawu take tavulaza kale amayamba kuopa liwu lililonse. Pomaliza anangotumiza kuti, "Achemwali, sindinkadziwa." Uthengawo unaonetsa kuti wawerengedwa, koma yankho silinabwere.

Chomupweteka kwambiri n'chakuti timawuto tinagwira ntchito. Mawa lake benchi inadzaza, ena anaima panja. Madraya aja anayamba kulira osapuma. Amayi ankabwera awiriawiri, akugwirana mapewa, wina n'kunena mokweza kuti, "Ndabweretsa mnzanga, koma uyu ngwokwatiwa kale, musadandaule!" Saluni yonse n'kufa nazo. Ndipo Zala, poti ndi ntchito yake, ankayenera kufunsa mlendo aliyense kuti, "Wakutumizani ndani?" n'kumwetulira. Ena ankalozerana mpando womwe uli pa chithunzi uja. Abwana ankayenda uku ndi uku akuitanitsa meshi ina.

Anayesa kupita kunyumba kwa Aphunzitsi ataweruka. Anaima pageti, anagogoda. Katani ya pawindo inagwedezeka pang'ono, koma chitseko sichinatseguke. Anaimabe mpaka woyandikana nawo nyumba anayamba kumuyang'anitsitsa, ndipo anabwerera.

Aphunzitsi anabwera okha, Loweruka masana, saluni itadzaza. Atangolowa phokoso linazima ngati magetsi, kunangotsala kulira kwa draya. Anali atavala bwino monga mwa masiku onse, koma anali ataonda, ndipo malukidwe a m'mutu mwawo anali atafutukuka m'mbali. Sanayang'ane munthu. Anapita molunjika pa mpando wa Zala, ndipo mtsikana yemwe anali pamzere anadzuka yekha osauzidwa.

"Undimasule," anatero.

Zala anawakulunga thawulo m'khosi. Anayamba kumasula ndi mchira wa chipeso, chingwe chimodzichimodzi. Zala zotchuka zija tsiku limenelo zinali zolemera ngati zabwerekedwa. Anawerama pafupi ndi khutu lawo.

"Achemwali, ndikhululukireni. Ndikanadziwa..."

"Ndikudziwa kuti sunkadziwa."

"Ndinapempha kuti achotse. Anandikaniza."

"Ndikudziwa."

Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zomwe zinamutha mphamvu. Akanamutukwana, akanamumenya mbama, bwenzi pali pogwira. Iwo anangoyang'ana m'galasi, maso ouma.

"Kusukulu ana akumati ndikatembenukira ku bolodi, wina n'kunong'ona kuti chokoma n'chogawana," anatero motsitsa. "Ana aang'ono, sadziwa n'komwe tanthauzo lake. Anangomva makolo awo akuseka. Za bambo aja ndinali nditazipirira mwakachetechete, ndimati ndi za m'nyumba mwanga. Pano ndilibenso m'nyumba."

Misozi ya Zala inagwera pa thawulo, iye n'kumapitiriza kumasula, poti china choti achite panalibe.

Abwana anafika akupukuta manja, mawu ali ofewa ngati mafuta. "Aphunzitsi, pepani kwambiri ndi zomwe zachitikazi. Lero musalipire kalikonse. Ndipotu mphoto yanu ija simunatengebe, ya tsiku lomwe munabweretsa..." Anadziluma lilime, koma mochedwa. Pakona wina anatsokomola pofuna kubisa chiseko.

"Mphotoyo ndinalandira kale, mayi," anatero Aphunzitsi. "Yakwana."

Abwana anabwerera ku kauntala.

Tsitsi lonse litamasuka, Zala analipesa pang'onopang'ono, kuyambira kunsonga, monga mmene Aphunzitsi ankakondera. Ankachedwa dala. Ankadziwa pamene pali chipsera chakale kuseri kwa khutu, pamene tsitsi limathothoka akalikoka kwambiri, pamene imvi zinayambira. Anafunsa funso lomwe anali atalifunsa kosawerengeka pa mpando womwewo.

"Tiluke ziti lero, achemwali?"

Aphunzitsi anachotsa thawulo m'khosi, analipinda bwinobwino n'kuliika pa tebulo. Anatulutsa duku m'chikwama n'kumanga kumutu.

"Anditumiza kusukulu ina, kutali. Ndinapempha ndekha. Ndimafuna zoluka zako uzimasule wekha, asazigwire munthu wina." Anamugwira dzanja kanthawi kochepa. "Zala zako n'zabwino, mng'ono wanga. Uzisamale."

Analipira pa kauntala ngakhale Abwana ankakana, n'kutuluka. Zala anafuna kuwatsatira, anafika mpaka pakhomo, koma pomwepo panali pataima amayi awiri achilendo, mmodzi atanyamula foni m'mwamba, chithunzi chija chikuwala.

"Ndi pano eti? Pa chokoma n'chogawana paja?"

Zala anasuzumira pamwamba pa mapewa awo. Duku lija linali likukhota pakona ya msewu.

"Iwe Zala, alendo akudikira!" anaitana Abwana.

Anapukuta maso ndi epuloni, n'kuwapatsa njira kuti alowe.

"Ndi pano," anatero. "Wakutumizani ndani?"