Mitu ya Edna Iyamba Kulankhula

Edna, mlembi wa komiti ya chitukuko ku Kanyama, anakonza masilaidi oonetsa kansala mvula isanayambe. Mitu yake inali ya liwu limodzilimodzi: "Ngalande", "Zinyalala", "Mavuto".

Ba Nassoro, wowotcherera zitsulo yemwenso anali mukomitiyo, anasuzumira pa laputopu, magalasi ali pamphuno.

"Ngalande yachita chani, ba Edna?"

"Vonse vili pansi apa. Werengani."

"Ine niwerenga. Koma ba kansala maso yawo yankhala pa foni. Akayang'ana kamodzi, azapeza chani?"

Edna anatsonya, komabe anafufuta mituyo. Apa mpamene anatuluka thukuta, chifukwa mutu wonena kanthu umafuna kuti mwiniwake adziwe chimene akunena. Silaidi ya "Mavuto" inakanika kusanduka chiganizo, ndipo anaitaya. Mitu inayo inakhala "Ngalande ya kumsika imasefukira chifukwa cha zinyalala" ndi "Zinyalala zikachotsedwa mvula isanagwe, madzi sadzalowa m'nyumba". Pansi pa mutu uliwonse anangosiya chithunzi chochitira umboni.

Pamsonkhano kansala anachitadi zake. Foni inali m'manja, maso ankadzuka silaidi ikasintha, n'kugweranso pansi. Edna anayankhula mpaka kukhosi kuuma, mumtima akuti wataya nthawi.

Pomaliza kansala anaimirira, nakonza jekete.

"Ine monga niona, ngalande ya kumsika isefukira chifukwa cha vinyalala. Tivichose mvula ikalibe kubwera."

Anthu anaomba m'manja poyamikira nzeru za kansala. Ba Nassoro anatsinzinira Edna diso. Edna anaomba kuposa onse.