Ntengo

Sitolo ya nsapato ya pa intaneti inatsitsa mitengo nthawi ya 9 koloko usiku. Patangotha mphindi khumi, palibe kasitomala amene ankatha kulipira. Munthu ankasankha nsapato bwinobwino, koma akadina polipira, malo a ndalama zonse ankangokhala mbee.

Mwini sitolo anaitanitsa Wadzana. Ankamutchula choncho chifukwa anali atangoyamba kumene ntchito yolemba mapulogalamu, ndipo miyezi yake itatu yoyesedwa inkatha Lachisanu.

Mu ofesi anapeza mwini sitolo akuzungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Akatswiri, mkulu wa mapulogalamu, anali khale pampando, akutokosa m'mano ndi kapepala.

"Ndi kamtsikanaka, bwana," anatero Akatswiri. "Dzulo kanagwira polipira. Ana a masiku ano, satifiketi mbwee, mutu ziii."

"Ukapanda kukonza, mawa usabwere," anatero mwini sitolo.

Dzulo lakelo Wadzana anangosintha mtundu wa batani la polipira. Laputopu yake inali itathima, choncho anakhala pa desiki ya Akatswiri. Fungo lake! Mafupa a nkhuku m'kapu, sokosi m'dirowa, mabatani a kiyibodi akunata mafuta. Anapukuta zala pa siketi n'kuyamba kuwerenga pulogalamu ya sitoloyo.

Masana anthu ankalipira bwino, ndiye vuto linali pa mzere umene umagwira ntchito mitengo ikatsitsidwa basi. Anaupeza. Paliponse pulogalamuyo inkati "mtengo". Pa mzere umenewu pokha panalembedwa "ntengo". Kompyuta siganizira kuti munthu amafuna kunena chiyani. Inafunafuna ntengo, sinaupeze, ndipo masamu onse anafera pomwepo.

Anayang'ana m'mbiri ya zosintha. Mzerewo anaulemba Akatswiri madzulo omwewo, n'kuutumiza osauyesa.

Akatswiri anawerama paphewa pake, mpweya wa anyezi uli phuu.

"Konza mwakachetechete, mwanawe," ananong'ona. "Tinena kuti inali netiweki. Lachisanu ndikulembera zabwino."

"Netiweki imalemba ntengo?"

Anachotsa n, anaika m. Anayesa kugula nsapato yekha pa kompyuta yoyeserera, ndalama zinaoneka. Anatumiza zokonzazo pa intaneti. Posakhalitsa foni ya mwini sitolo inayamba kulira, maoda akulowa.

"Chinali chiyani?" anafunsa mwini sitolo.

"Zovuta kufotokoza, bwana," anayamba Akatswiri.

"Chilembo chimodzi," anatero Wadzana, n'kutembenuza sikirini. "Dzina la wolemba ndi ilo, nthawi ndi iyo."

Mwini sitolo sadziwa za mapulogalamu, koma kuwerenga amatha. Anatulutsa foni n'kutsegula uthenga wa Akatswiri wa madzulo: "Ntengo watsopano ndakonza kale bwana."

Mwini sitolo anayang'ana Akatswiri, anayang'ana mafupa aja, n'kutsonya.

"Iwe Wadzana, Lolemba ubwere. Ntchito ndi yako. Inu achimwene, m'mawa tionane."

Wadzana anangogwedeza mutu. Anapita kubafa n'kusamba m'manja kawiri, ndi sopo.