Funso la Dzulo

Madamu Esteri Namaona anali atatopa ndi kulembetsa manotsi. Pasekondale yoyendera ya kufupi ndi Limbuli, iwo ndi amene ankaphunzitsa za zipembedzo ndi makhalidwe, phunziro lija ana amangoti RME. Chaka chilichonse ankalemba pabolodi mizati isanu ya Chisilamu ndi tanthauzo la ubatizo, ana n'kukopera, n'kuloweza, n'kubweza pamayeso, basi. Mwana wa Katolika ankatha kutchula swala zonse zisanu, mapemphero a Asilamu a tsiku ndi tsiku, osaphonya, koma osadziwa kuti mayi amene amamugulitsa zitumbuwa pageti amadzuka nthawi yanji kukaswali. Zimenezi zinkawanyansa Madamu, ndipo sankabisa.

Ndiye teremu yachiwiri, mvula ili pakati, anaganiza zoti ana a Fomu 3 atuluke m'kalasi. Apite awiriawiri kwa munthu wa chipembedzo chimene si chawo, akamupemphe kaye chilolezo, akamufunse mmene amapembedzera tsiku ndi tsiku, abwere adzafotokoze m'kalasi osatchula dzina lake. Chimene Madamu ankafuna ndi chimodzi: ana akamve za moyo weniweni kuchokera pakamwa pa munthu, osati zam'buku zija.

A Makawa, mkulu wa dipatimenti, anamvetsera akusenda chimanga chootcha. Sanakane, iwo sakana chinthu. Anangoti ntchitoyo isalowe mu sikimu, ndondomeko ya maphunziro a teremu, mpaka ataona mafunso, kalata yopita kwa makolo, kagawidwe ka malikisi, ndi mayina a anthu amene avomera kufunsidwa. Anawonjeza kuti mafunsowo Madamu akawayese kaye okha pa anthu, chifukwa ana akakaputa mkwiyo kumudzi, makolo sadzafika pakhomo pa Madamu, adzafika ku ofesi.

Apa a Makawa ananena zoona, ndipo n'zimene zinapweteka. Madamu anayamba kuzungulira madzulo akaweruka, nsapato zili matope okhaokha. Funso lawo loyamba linali lakuti, mumapemphera kangati patsiku? Anayamba ndi a Elson, okonza njinga za kabaza, munthu wa Sabata amene Loweruka sagwira sipanala ngakhale mutalira. A Elson anapukuta manja, n'kunena mwaulemu kuti nkhani za mpingo ayankhe ndi abusa, iwo angalakwitse vesi. Mayi wina wa Mvano anati akafunse kaye kwa amayi abusa. Wagolosale wachisilamu anawalozera kwa a shehe. Ndipo a shehe ndi abusa, atamva, onse anasangalala kwambiri, nati anawo abwere kwa iwo adzawaphunzitse bwinobwino. Abale inu! Ulaliki ndi umene Madamu ankauthawa, ndipo ndi umene aliyense ankawapatsa ndi manja awiri.

Zinawatengera sabata kuti aone pamene panali vuto. Ukafunsa munthu kuti umapemphera kangati, iye amamva ngati wamukhazika pamayeso. Amene akudziwa yankho lolondola amakupatsa lolondolalo, amene akuopa amakutumiza kwa mtsogoleri. Madamu anafufuta funsolo, n'kulemba lina: tandiuzeni za dzulo, kuyambira pamene munadzuka; ndi pati ndi pati pamene munakumbukira Mulungu? Analiwerenga kangapo, ndipo kwa nthawi yoyamba teremu imeneyo anamva kuti apanga chinthu chabwino.

Anakaliyesa Lamlungu masana kwa a Zaituni, amake Najma, mwana wa m'kalasi mwawo momwemo. A Zaituni ankathyola tiyi kuesiteti, ndipo ankadziwana ndi Madamu chifukwa chotunga madzi pamjigo umodzi. Anawapeza pakhonde akusankha nandolo, miyendo atatambasula, mapazi otupa. Madamu anafotokoza kuti akungoyesa mafunso, dzina silidzalembedwa. A Zaituni anayamba monga enawo, kuti zimenezi ndi za a shehe. Koma atamva funso la dzulo anaseka, nati za dzulo ndiye a shehe sangazidziwe.

Ndipo anayankhula. Anati swala ya m'mamawa saiphonya, chifukwa nthawi imeneyo amakhala atadzuka kale kuti akafike kumunda kapitawo asanayambe kuitana mayina. Tsamba loyamba amathyola atanena Bisimila, kutanthauza m'dzina la Mulungu, ndipo dengu likamakwera pasikelo amayamika chamumtima, kaya makilo achuluka kaya achepa. Koma swala ya masana imawapeza ali pakati pa tiyi, zovala zonyowa, matope mpaka m'mawondo, popanda poyala mkeka, ndipo nyengo ino masamba ndi ambiri, ukaima anzako akupitirira. Amati ndikabweza kunyumba. Masiku ena amabwezadi, pamodzi ndi yamadzulo. Masiku ena, monga dzulo lija, amatawasa, kusamba kuja kwa pokonzekera swala, n'kuima pamkeka, n'kuswali imodzi, n'kukhala pansi kuti apume pang'ono, kudzidzimuka ndi Najma akuwagwedeza kuti kwada.

"Ngongole yanga kwa Mulungu ndi yaikulu, aphunzitsi," anatero a Zaituni, akupeta nandolo. "Koma Iye ndi amene analenga msanawu. Akudziwa mmene ukuwawira."

Madamu sanalembe kanthu. Anasangalala kwambiri. Izi ndi zimene ankafuna kuti mwana wa Katolika uja amve, izi zenizenizi, ndipo m'mutu anali atayamba kale kukonza mmene adzatsogolere zokambirana m'kalasi. Anathokoza, n'kufunsa ngati angawalembe pa mndandanda wa anthu ovomera.

A Zaituni anaika lichero pansi. Anafunsa kuti anawo akamva, akazipititsa kuti. Madamu anati akafotokoza kwa anzawo m'kalasi, koma dzina ayi, akangoti mayi wina wachisilamu wothyola tiyi. A Zaituni anawayang'ana ngati mmene umayang'anira mlendo amene wafunsa njira ataima pa njira yomweyo. Anawakumbutsa kuti kuchigawo chino cha msika, akazi achisilamu othyola tiyi amawerengeka ndi zala za dzanja limodzi, ndipo amene ali ndi mwana ku Fomu 3 ndi iwo okha. Nkhani kuno siifuna kabaza, imafika yokha. Alamu awo ndi amene amaitana anthu kumzikiti. Ndipo Najma adzakhala pabenchi pomwepo, anzake akutembenuka kumuyang'ana.

"Ndilembeni, anawo abwere," anatero. "Ndidzawalandira. Koma akadzafunsa za dzulo, ndidzawauza kuti ndinaswali kasanu, iliyonse pa nthawi yake. Zimene ndakuuzani inuzi ndi za akuluakulu, ndauza mayi mnzanga."

Madamu anayesa kunyengerera. Anati akhoza kutumiza ana ofatsa, akhoza kuwauza kuti asatchule za tiyi. A Zaituni anafunsa kuti, mukachotsa tiyi, mwatsala ndi chiyani? Swala ya masana ija imasowa chifukwa cha tiyi, ndipo tiyi yemweyo ndi amene akanawaulula.

Pobwerera mvula inayamba kuwaza, phiri lonse litabisika mumtambo. Madamu anayenda pang'onopang'ono, ali wokwiya, koma osadziwa woti amukwiyire. Anaganiza zoti ana alembe okha osawerenga m'kalasi, koma ana awiri akamva chinthu, sukulu yonse yamva. Anaganiza zowatumiza ku Muloza kapena ku Chinakanaka kumene sadziwika, koma ndani angalipire kabaza ya ana makumi asanu ndi limodzi, ndipo ndi kholo liti lingalole mtsikana wake kupita kuboda kukacheza ndi anthu osawadziwa? Anaganizanso zolisiya funsolo momwemo. Ena ngati a Zaituni akanadziteteza ndi bodza, ndiye kuti iwo mphunzitsi wa makhalidwe atumiza ana kukanamizidwa. Koma choopsa chinali china. Pakati pa anthu onsewo pakanapezeka mmodzi wa mtima woyera, mkulu wa mpingo amene amadzera pa kachasu, kapena mayi amene anasiya mgonero, amene akanayankha zoona chifukwa funsolo ndi lofewa, silioneka ngati msampha. Ilo linali litagwira kale munthu mmodzi, ndipo Madamu anali atasangalala nazo.

Lolemba pa buleki anakhala mu sitafu rumu, anzawo akukangana za mpira. Kalata ya makolo inali yokonzeka. Malikisi anali atagawa: ena a ulemu popempha chilolezo, ena a kumvetsera ndi kulemba molondola, ena a kufananitsa ndi chipembedzo cha mwanayo popanda kunyoza. Panatsala mafunso. Anayang'ana funso la dzulo nthawi yaitali, tiyi wawo mpaka kuzizira. Kenako analikhwatcha, n'kulemba m'malo mwake kuti: kodi munthu wa chipembedzo chanu amayenera kuchita chiyani tsiku lililonse?

A Makawa anawerenga zonse magalasi ali pamphuno. Anati tsopano ndiye zaoneka bwino, mafunso aulemu, palibe kholo lingadandaule. Anayamikira makamaka funso latsopanolo, poti mayankho ake akugwirizana ndi silabasi, ana adzapindula nawo pamayeso. Anawonjeza kuti a shehe ndi abusa aikidwe pamwamba pa mndandanda, si bwino kuwadumpha akuluakulu. Madamu anavomera. Mphamvu yotsutsa inali itawathera.

Atalowa m'kalasi analengeza kuti ntchito ija yaloledwa, ndipo ana anawomba m'manja poti atuluka panja. Madamu anatembenukira kubolodi n'kuyamba kulemba mafunso kuti akopere. Asanamalize n'komwe, Trust, mnyamata wa Katolika wokhala kutsogolo, anakweza dzanja. Anali atatsegula kale manotsi a teremu yatha. Anafunsa ngati n'kofunikadi kupita kumudziko, poti yankho la funso limenelo Madamu anawalembetsa kale.

Kalasi inaseka. Najma nayenso anaseka, mosadziwa kanthu, akukonza mpango wake.

"Mupite basi," anatero Madamu, osatembenuka. "Mukapereke moni bwino, ndipo zimene akakuuzeni mukalembe momwemo."