Mlandu wa Mkazi wa Mlonda

Namakani anali asanamalize n'komwe chaka choyamba cha maphunziro a zamalamulo, koma kunyumba anali atatopa naye kale. Dzinali anam'patsa ndi malemu bambo ake, ndipo sanalakwitse. Bambowo atamwalira, fakitale ya nsapato imene ankagwirako ntchito inafuna nyumba yake, ndipo mayi ake atakana kutuluka fakitaleyo inawasumira kukhoti.

Tsiku lina analowa mu ofesi ya loya wa mayi ake osagogoda. Loyayo, mzimayi wachikulire wa magalasi okhuthala, anali pakati pa mafayilo, ndipo mayi ake anakhala pakona, chikwama pamiyendo.

“Tawina,” anatero Namakani, akuponya mapepala patebulo. “Ndapeza chigamulo cha khoti lalikulu, mlandu wa mkazi wa mlonda. Jaji ananena yekha kuti kuthamangitsa mayi wamasiye m'nyumba ndi nkhanza. Khoti laling'ono silingatsutse zimenezo.”

Loya sanawagwire n'komwe mapepalawo. “Unawerenga mpaka kumapeto? Anawina ndani?”

Namakani anavundukula tsamba lomaliza, manyazi n'kumugwira. Anawina abwana a mlondayo.

“Mawu wakondwera nawowo jaji anangonena modutsa, samanga aliyense,” anatero loya. “Chomanga ndi mfundo imene anagamulira mlanduwo, yakuti nyumba ya kuntchito imathera limodzi ndi ntchito. Imeneyo majisitireti ayenera kuitsata, afune asafune, chifukwa yachokera pamwamba pake.”

“Ndiye kuti majisitiretiyo alibe mutu wakewake?”

“Ali nawo, mwanawe. Koma milandu yofanana iyenera kugamulidwa mofanana, apo ayi bwenzi munthu akuwina kapena kuluza malinga ndi chipinda chimene walowa. Pothawira pake n'kusonyeza kuti mlandu wathu ukusiyana ndi uja pa chinthu chenicheni. Ndafufuza mpaka maso kuwawa. Nyumba ndi ya kuntchito, wantchito anamwalira, wotsala ndi mkazi wake. Zonse n'chimodzimodzi.”

Namakani anakwiya ndi loya, ndi jaji, ngakhale ndi aphunzitsi ake amene m'kalasi ankaiyamikira nkhani imeneyi ngati nsalu yatsopano.

Tsiku la chigamulo majisitireti anawerenga osadzutsa mutu. Anati nkhaniyo yamukhudza, koma manja ake ndi omangidwa ndi mlandu wa mkazi wa mlonda, choncho nyumba ibwerere kwa eni ake.

Atatuluka, loya wa fakitale anawapeza m'khonde, mano onse pamtunda. Anati abwana ake si anthu oipa. Ngati mayi sachita apilo, awalola kukhalamo mpaka Namakani atseke sukulu, ndipo lole yosamukira apereka okha. Anawasiya kuti aganize.

Namakani anayang'ana mayi ake, n'kuona mmene maliro ndi mlandu zinawaondetsera. Makani onse anamuthera. Anachita mantha.

“Amama, mwina tingovomera,” anatero chapansipansi.

Mayi ake anatembenukira kwa loya wawo. “Mkazi wa mlonda amene mukungomutchulatchulayu, iyeyo anathera pati?”

“Anathera pakhoti lalikulu pomwepo. Sanapitirire.”

“Pamwamba pake palinso lina?”

“Lilipo, lomaliza. Limenelo lingathe kunena kuti chigamulo chija chinalakwika, n'kuchifafaniza, ndipo makhoti onse apansi angatsate latsopanolo. Koma ndisakunamizeni, mayi. Tiyenera kudzera kukhoti lalikulu kaye, ndipo kumeneko kawirikawiri amatsata zimene anagamula okha. Ndipempha kuti asakutulutseni apilo ili m'kati, koma akhoza kukana. Ndipo mukakaluza pamwamba penipenipo, dzina limene azidzatulutsira anzanu m'nyumba lidzakhala lanu.”

Mayi anayang'ana benchi ya m'khondemo, pamene azimayi ena awiri ovala zakuda ankadikira kuitanidwa.

“Ndiye kuti mnzangayo anatopa, n'kupita kwawo, ndipo mpaka lero dzina lake likugwira ntchito yothamangitsa anthu, mwini wake osadziwa,” anatero. “Ine sindinatope.”

“Amama, akatitulutsa mawa tikagona kuti?”

“Kwa azakhali ako, pansi. Si iwe unkati lamuloli ndi loipa? Kapena unkangoyeserera pakamwa?”

Loya wa fakitale anabwerera akuyang'ana wotchi, n'kufunsa ngati agwirizana kuti lole ibwere liti.

Mayi anakoleka chikwama paphewa.

“Loleyo isungeni, bambo,” anatero. “Kawauzeni abwana anu agule nsapato zolimba, poti amapanga okha. Tikwera nawo mpaka pamwamba.”