Karauta ka Luwiza

Foni ya Luwiza inafa polowa simu khadi, choncho ankadalira hotisipoti ya mwamuna wake, Mateyu. Koma Mateyuyo akapita kuntchito kuboda, intaneti inkapita naye m'thumba, ogula zitenje kwa Luwiza n'kumatumiza mauthenga osayankhidwa.

Luwiza anagulitsa mtedza wake, nagula karauta, kachipangizo kogawa intaneti, kokhala ndi simu yakeyake, koti kazitsala pakhomo. Sipanathe mwezi, kanasowa. Mateyu anati mwana wakaponya m'chimbudzi, ndipo Luwiza anamukwapula mwanayo mpaka dzanja kuwawa.

Loweruka lina akudutsa pakhomo pa Natasha wa kusaluni, foni ija inayamba kulira, mauthenga a masabata awiri akulowa motsatizana. Inali italumikizana yokha ndi karauta kake. Luwiza anangoima njii, dzuwa likumuwotcha.

Natasha anatuluka, karautako kali m'manja. "Mayi, bandulo ndagula ndine. Mukundithera."

"Kameneko n'kanga."

Pawindo panamveka mawu a Mateyu, osakweza n'komwe. "Usalimbane naye, iwe. Ingothimitsa."

Natasha anadina batani. Uthenga wa mayi wina wofuna zitenje zisanu zaukwati unatsala osayankhidwa.