Maluwa a Pafoni

Belu la nkhomaliro lisanathe n'kulira komwe, mafoni anayamba kunjenjemera m'matumba a maepuloni. Manijala wa fakitale ya mayunifolomu anali atalengeza pagulu la pafoni la antchito kuti kapitawo watsopano wa mzere wa malaya ndi Singano. Dzinalo anamupatsa ndi anzake chifukwa cha kuwonda kwake, komanso maso ake amene sankaphonya ulusi ngakhale umodzi wopita padera.

Mauthenga anagwa ngati mvula. Wina anatumiza chithunzi cha maluwa ofiira cholembedwa kuti "Mafuno abwino," ndipo ena onse anangochitola n'kuchiponyanso. Wailesi, amene ankasoka pa makina oyandikana ndi a Singano kuyambira onse ali atsikana, anayang'ana maluwa aja akutsika pafoni yake. Udindowo nayenso anaufunsira, ndipo mkatimu munamuwawa ndithu. Koma sanali munthu wosunga nkhani kukhosi. Anadina chithunzi chija, n'kuchitumiza pagulupo monga anzake, n'kupitiriza kudya. Kwa iye nkhani inathera pomwepo.

Wailesi anali mayi wodzidalira, wa pakamwa posatopa. Ankatha kuyamba nkhani pogwira kolala ya malaya n'kukaimaliza pa batani lomaliza, onse omuzungulira atagwira nthiti ndi phwete. Pa ukwati wa mwana wa mnzawo analankhula mpaka woyendetsa mwambo anachita kumulanda chimkuzamawu. Ndiye anthu ataona kuti Wailesi weniweniyo wangotumiza maluwa obwereka opanda liwu lake ndi limodzi lomwe, anamva zawozawo.

Tsiku lotsatira, mayi wosoka mabatani anabwera n'kutsamira pa makina ake, n'kumunong'oneza kuti onse akudziwa amene amayenera kukhala kapitawo. Wosita naye anadutsa n'kumusisita paphewa ngati wofedwa. Wailesi anawaseka n'kuwauza kuti asiye zimenezo, koma iwo anapukusa mitu mwachifundo, ati mayiyu ngolimba mtima. Singano anali atayamba kuphunzitsidwa ntchito m'kaofesi ka magalasi ka kumapeto kwa mzere. Nkhomaliro ankadyera momwemo, ndipo akakumana ndi Wailesi pampopi ankamupatsa moni wa "mwaswera bwanji" ngati mlendo.

Lachisanu, bambo wodula nsalu, munthu wachikulire amene ankamva zonse za m'fakitalemo kuseri kwa thebulo lake lalitali, anamuitana Wailesi.

"Achemwali, mwamva kuti Lolemba mukusamukira ku mzere wa mabuluku?"

"Ine? Ndalakwanji?"

"Palibe. Mnzanu ndiye wapempha kwa manijala. Akuti sakufuna kuti muzivutika mumtima pomuona tsiku ndi tsiku akukulamulani. Anandifunsa dzulo ngati mwamukwiyira kwambiri."

Wailesi anati sanakwiye, ndipo anatulutsa foni kuti awaonetse kuti anamufunira zabwino pagulu. Bambo aja anayang'ana chithunzicho, n'kuloza kachizindikiro ka pamwamba pake kosonyeza kuti uthengawo unachokera kwa wina.

"Awa si maluwa omwe anatumiza mlonda wa pageti? Mlondayo dzina la mnzanuyo salidziwa n'komwe."

Wailesi anabwezera foni m'thumba. Za mzere wa mabuluku sizinamuopse, buluku ndi malaya zonse n'zosoka. Chimene chinamulasa n'chakuti mnzake wa zaka zonsezi, amene anamugwirira mwana woyamba pomwe iye anadwala, akumuchotsa pambali pake mwaulemu. Anaona kuti akangosamuka, ubwenzi uja udzatsala wa moni wa pampopi basi.

Sanathamangire ku kaofesi kaja. Ankamudziwa Singano: ukamuyamikira pamaso pa anthu amayang'ana pansi, n'kuthawa nkhaniyo isanathe. Pagulu la pafoni napo sipanali poyenera, anthu akanati akudziyeretsa. Anaganiza zomutumizira uthenga wa mawu kumbali, woti aumvetsere payekha, ngakhale kuubwereza ngati afuna.

Loweruka masana, atayanika zovala, anakhala pakhonde n'kuyamba kujambula. Mwamuna wake, makaniko, anali chagada pansi pa galimoto ya kasitomala pabwalo, miyendo yokha ikuoneka. Wailesi analankhula osapumira, kenako n'kuseweretsa uthengawo kuti adzimvere. Unayamba bwino, koma pasanapite patali unali utakhotera ku mafunso amene manijala anamufunsa iyeyo, momwe anayankhira, ndi momwe mutu unamupwetekera tsikulo.

"Kodi wakwezedwa ndi ndani?" anafunsa makaniko ali pansi pa galimoto. "Ndamva za iwe zokhazokha."

Wailesi anamuuza kuti asamale za mabawuti ake, koma uthengawo anaufufuta. Wachiwiri anauyesa wapamwamba. Anati Singano ndi mayi wakhama, wodzichepetsa, chitsanzo kwa onse, ndipo Mulungu amutsogolere. Ataumvetsera anakwinya nkhope yekha. Mawu amenewo akanatha kumunenera mphunzitsi wopuma ntchito, kapena aliyense pa maliro ake. Anali maluwa omwe aja, kungoti tsopano ndi a pakamwa. Wachitatu unali wanthabwala, koma kumapeto kwake lilime linaterera n'kunena kuti asamuiwale pogawa ovataimu. Anaufufuta msanga. Kuyamikira kotsatana ndi pempho ndi malonda, ndipo kapitawo watsopano amakhala atatopa kale ndi anthu otere.

Anaika foni pamiyendo n'kudzifunsa chimene iye yekha akudziwa za Singano, chimene mlonda, wosita ngakhale manijala sangachinene. Sanachedwe kuchipeza, poti zaka zonse zija maso ake anali pomwepo. Anadina batani n'kulankhula modekha, ngati mnzakeyo wakhala pa makina a pambali pake.

"Iwe Singano, ndine. Maluwa aja andichititsa manyazi, uwaiwale. Tamvera. Ukukumbuka chaka chija malaya a sukulu anatuluka makolala atapotoka, manijala akukalipa, tonse tikuloza mtsikana watsopano uja? Ine ndinali patsogolo kumuloza. Iwe unatenga malaya amodzi, n'kumasula ulusi mwakachetechete, n'kupeza kuti pateni yodulira nsalu yomwe tinapatsidwa ndiyo inali yolakwika. Sunakuwe. Unapita kukamuonetsa manijala, kenako unakakhala pafupi ndi mtsikanayo mpaka anasiya kunjenjemera. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti mzere wathu uli ndi kapitawo kale, kungoti alibe ofesi. Ndiye ndinakuonanso ukuwerenga za kakonzedwe ka makina m'basi, anthu akukupondaponda. Udindowu sunautole panjira, mnzanga. Inde, nanenso ndimaufuna, ndipo zinandiwawa tsiku loyambalo, sindikunamiza. Koma akanandifunsa kuti pakati pa awirife ndani, ndikanatchula iwe. Ndakondwa, ndipo ndikukunyadira. Ukatilamule bwinobwino, usatiope."

Anaumvetsera kamodzi. Munali mawu a galu wa oyandikana nawo ndi sipanala ikugwa, koma sanafune kuukonza. Makaniko anatulutsa mutu pansi pa galimoto n'kunena kuti iyeyo chikwatirane sanauzidwepo mawu otero. Wailesi anamuyankha kuti ayambe wakwezedwa kaye, n'kutumiza.

Posakhalitsa foni inasonyeza kuti Singano waumvetsera. Yankho silinabwere. Dzuwa linalowa, Lamulungu linafika n'kudutsa, foni ili zii. Makaniko anayamba kudandaula m'malo mwake, ati mwina mawu onena kuti nayenso ankaufuna udindowo aononga zonse. Wailesi sanatekeseke. Anamuuza kuti mawu amenewo ndiwo apangitse ena onsewo kukhulupirika, chifukwa Singano akudziwa kale zoona zake, ndipo sangamve chiyamiko chimene chazemba pamenepo. Anawonjezera kuti uthenga wotere suli ngati ngongole yoti munthu abweze tsiku lomwelo. Iye wanena zake, ndipo ngakhale amusamutse, sazibweza.

Lolemba m'mawa anafika pantchito atanyamula kachikwama ka masizasi ndi ulusi, wokonzeka kupita kumene angamutume. Palibe anamuuza kanthu, ndiye anakhala pa makina ake akale n'kuyamba kusoka. Mayi wa mabatani atabwera ndi nkhope yake ya chisoni ija, Wailesi anamuuza mokweza, kuti mzere wonse umve, kuti amene ali ndi mawu okhudza kapitawo akawanene kwa kapitawoyo, iye makutu ake ali pa ntchito.

Chapakati pa m'mawa Singano anatuluka m'kaofesi atavala jasi la buluu la akapitawo, limene manja ake anali aatali kuposa mikono yake. Anayenda pang'onopang'ono mumzere, akutola malaya apa ndi apo n'kumayang'ana misoko. Makina ena anachepetsa liwiro, poti aliyense ankafuna kuona chimene chichitike akafika pa mnzake uja. Anafika, n'kutola malaya pamulu wa Wailesi, n'kuwatambasula powala. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Wailesi," anatero, "thumba ili lapendekeka. Ulimasule, usokenso."

Wailesi analandira malayawo n'kuyang'ana. Linali lopendekekadi, pang'ono zedi, moti wina aliyense akanalilola kudutsa.

"Chabwino, a kapitawo," anayankha mokweza.

Singano anawerama ngati akumuonetsa msokowo. Maso ake anali ofiira pang'ono. Ananong'ona kuti wakhala akuumvetsera uthenga uja mobwerezabwereza mpaka amuna ake aloweza, kuti anayesa kuyankha koma amangofufuta, ndiponso kuti m'mawa womwewo wakauza manijala kuti za mabuluku zija zitheretu.

"Ndimaopa kuti sindidzatha kukubwezera malaya," anatero. "Ndimati ndikadzatero ndiye kuti ndakutaya."

"Bweza ukaona cholakwika. Koma jasi lakolo ubwere nalo pa nkhomaliro ndikupindire manja, ukuoneka ngati wabwereka la amuna ako."

Singano anadziletsa kuseka, n'kuwongoka, n'kupita pa makina otsatira. Wosita ndi mayi wa mabatani anayang'anizana, ndipo makina onse anabwerera pa liwiro lake. Wailesi anatenga kachitsulo komasulira ulusi n'kuyamba kuchotsa thumba lija, mtima wake uli mbee, akufotokozera amene analowa pa makina a Singano momwe mwamuna wake makaniko uja anagonera pansi pa galimoto Loweruka lonse n'kupeza kuti inangotha mafuta.