Shakila Abweza Dzina la Naima

Mlongo wanga Shakila sanasankhidwe kupita kusekondale atalemba Sitandade 8. Malemu bambo anamusamutsa sukulu n'kumulembetsanso pa dzina la Naima, mkulu wake amene anamwalira ndi malungo ali wamng'ono. Ulendo umenewo anasankhidwa. Kuyambira pamenepo satifiketi, chiphaso cha unzika, buku la kubanki, mpaka ntchito yauphunzitsi ku Chowe, zonse zinkati Naima Husseni.

Ndiye chaka chatha, ali woyembekezera, anandipeza pamsika ndikuyala usipa.

"Achimwene, pakalata yakubadwa ya mwanayu adzalembapo kuti mayi wake ndi Naima. Ndivutike ndine, abereke wakumanda?"

Zinandilasa mtima, sindinama. Ndinasiyira mnzanga benchi n'kuyamba kumuperekeza. Abale, maofesi! Kwa DC anatiuza kuti akalumbire kaye kukhoti, alembe pempho, alengeze m'nyuzipepala kuti wotsutsa atsutse, ndipo chilolezo chikabwera ndiye apite ku NRB, kubanki ndi kwa abwana a maphunziro. Anawonjeza kuti zingayende bwino kholo litalumbiranso kuti Naima wa pamapepala ndi Shakila ndi munthu mmodzi.

Apa ndiye panagona nkhani. Amayi anakana kwamtuwagalu.

"Ana asukulu akamadutsa apa n'kumati 'Madamu Naima', ine ndimamva ngati mwana wanga anakula. Mukufuna ndimuike kachiwiri?"

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinakalipa kuti wamoyo akuvutika chifukwa cha wakufa, ndipo ndinachita manyazi pomwepo. Shakila anangokhala pamkeka, miyendo itatupa.

"Amama, dzinali ndalisunga bwino, sindinalichititse manyazi. Koma langa munandipatsa ndinu nomwe. Kodi linali loipa?"

Patapita masiku amayi anavala buibui wawo, mkanjo wakuda wa paulendo, n'kundiuza kuti ndiitane kabaza. Kukhoti analumbira n'kudinda chala.

Zotsalazo zinatidyera miyezi. Satifiketi ya Fomu 4 inatsala ndi dzina lakale, imangoyenda ndi kalata yolumbirayo. Chiphaso chatsopano chinatuluka mwana atayamba kale kukwawa, ndipo Shakila anadikira dala kuti amulembetse chitafika. Pamalo a mayi analemba Shakila Husseni. Anawerenga mokweza panjira ngati mwana wa Sitandade 1, ine n'kumamuseka.

Ramadani isanayambe tinachita sadaka ya abale athu omwalira, monga mwa chaka chilichonse. Shehe Sumani anatchula bambo, agogo ndi amalume, n'kukweza manja kuti ayambe duwa, pemphero lowapempherera. Amayi analankhula kuchokera kumbali ya azimayi, chinthu chimene sanachitepo.

"Ashehe, mwatsala mmodzi. Zaka zonsezi ndinkaopa kumutchula pa akufa, dzina lake lili pa wamoyo. Muikeponso Naima."